A Bonifasi Anadula Malemba, Ine N'kutcha Mwana Dzina la Chigawenga

A Bonifasi a pa Mayani, inu amene mumabena mafilimu m'mafulashi a anthu kuseri kwa msika, pafupi ndi amayi ogulitsa kachewere. Ndikudziwa kuti mumawerenga zimene ndimalemba pano, chifukwa chithunzi changa cha pa Khrisimasi munachiikira kamtima. Werengani izinso. Mwandivula pagulu. Mwandichititsa manyazi pamaso pa alamu anga, pamaso pa akatekisiti, ndi pamaso pa khanda la miyezi inayi limene silinalakwirepo munthu.

Anzanga amene simukudziwa nkhaniyi, khalani pansi.

Ine ndimaphunzitsa Sitandade 6 pa sukulu ina kumtunda kuno, cha ku Mphunzi. Netiweki kuno imagwira pa chulu chimodzi, ndipo chulucho chili m'munda wa eni. Zoti munthu n'kudzikokera filimu pa foni, iwalani. Ndiye mwezi ukatha ndimatenga fulashi yanga, kukwera kabaza, kukapereka kwa a Bonifasi kuti andithirire mafilimu. Zaka zonsezi sindinapiteko kwina. Ndimalipira osanenerera. Tsiku lina ndinawatengerako mapichesi.

Chaka chatha nthawi yozizira anandiikira filimu ya ngwazi, zija zimavala zothina n'kumauluka. Anati, “Amadamu, iyi mukalira.” Sananame. Mwini filimu anali mtsikana wamasiye wolamula mphepo. Koma amene anandigwira mtima ndi bambo amene anamulera, dokotala wa ndevu zaimvi, wolankhula mofatsa, dzina lake Zelisoni. Munthu wosakweza mawu. Mtsikana akalakwa, iye amangomuyang'ana, mtsikana n'kuyamba kupepesa yekha. Kumapeto adani anatchera chimakina choti chiphulitse mzinda wonse. Zelisoni anakankhira mwana wake kunja, n'kudzitsekera m'chipinda cha makinawo, n'kuika dzanja pa galasi. Phuu! Mzinda unapulumuka. Mtembo sanaupeze, anaika bokosi lopanda kanthu, mvula ikugwa. Mtsikana anaponya duwa. Kenako filimu inangoti thii, mdima, n'kulumphira ku filimu ina ya Amwenye.

Ndinalira mpaka bulangete linanyowa. Ndinaionera katatu.

Tsopano mu Febuluwale mlongo wanga Dominiko, amene ndinamubereka kumsana ine ndemwe, anapatsidwa mphatso ya mwana wamwamuna. Woyamba. Mukudziwa kuti woyamba dzina limachokera kuchimuna. Makolo athu anatsogola, ndiye amene anatsala wamkulu ndine. Dominiko anabwera yekha kunyumba, n'kukhala pa mpando mwaulemu ngati mlendo, amvekere, “Achemwali, mwanayu mumutche ndinu.”

Mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo? Ine ndilibe mwana wamwamuna. Ndinagona osagona. Tsiku lotulutsa mwana m'chikuta ndinapita ndi nkhuku yoyera, beseni latsopano ndi shawelo. Ndinamunyamula, n'kunena mokweza kuti aliyense amve: “Uyu ndi Zelisoni.”

Anthu anaomba m'manja. Amalume ena anati dzinali ndi la anthu akale, likumveka ngati Wadisoni kapena Laisoni, la munthu woti adzakhala ndi ngolo yakeyake. Mayi a mwana, alamu anga a Nambewe, amene ndi namwino pa chipatala chaching'ono cha kuno, anangoweramitsa mutu. Ndinkayesa ndi ulemu. Pambuyo pake, tili awiri kukhitchini, anandifunsa motsitsa mawu:

“Alamu, dzinali mwalitenga mu filimu ija ya mtsikana wa mphepo?”

“Eya. Munaionera?”

“Ndinaonera ku Lilongwe, ku holo ya kanema, ndili ku sukulu ya unamwino. Koma inuyo munaimaliza?”

“Katatu,” ndinatero.

Anangoti, “Oho.” N'kupitiriza kutsuka mbale.

Ndani akanadziwa kuti mu “oho” ameneyo muli maliro?

Ndiye panabwera nkhani ya ubatizo. Akatekisiti athu, a Kamwendo, anakana. Anati dzina limeneli m'buku la oyera mulibe. Ine sindinagonje. Ndinawafotokozera moyo wa Zelisoni kuyambira pachiyambi, mpaka dzanja lija pa galasi. Ndinawafunsa ngati pali chikondi choposa kutaya moyo chifukwa cha anzako. Anandifunsa kuti munthuyu anali wa dziko liti. Ndinati wa kunja. Anandifunsa ngati anali Mkatolika. Ndinati khalidwe lake likuonetsa choncho. A Kamwendo anapukuta magalasi awo, n'kunena kuti akalankhula ndi bambo mfumu. Patapita masiku anandiuza kuti zatheka, bola dzinalo lisakhale lotsutsana ndi chikhristu. Ndinawatsimikizira ndi mtima wonse.

Ubatizo utatsala sabata imodzi, Loweruka, ndinapita ku Mayani kukagula nsalu yoyera. Nditangotsika, wakabaza wina amene amandidziwa anakuwa ali tsidya la msewu:

“Amadamu! Mwana wanu uja dzulo wagwetsa mlatho, basi yodzaza ili pomwepo!”

Anzake onse gwa! kuseka. Ine kudabwa. Mwana uti? Mmodzi anandilozera bolodi la pa vidiyo sho. Ndinayandikira. Chithunzi cha gawo lachiwiri la filimu ija. Mtsikana wa mphepo ali pansi, wagwada, magazi pamphumi. Pamwamba pake, wamkulu kudzaza pepala lonse, nkhope yopsa mbali imodzi, diso lofiira ngati khala, ndevu zomwe zija.

Nsalu sindinagule.

Ndinapita molunjika kwa alamu. Ndinawapeza akuyamwitsa chigawengacho. Ndinati, “Alamu, munthu uja anafa. Ndinaona maliro ake ndi maso angawa. Wadzuka bwanji?”

A Nambewe anandipatsa mpando. Anandipatsa tiyi. Kenako anatulutsa foni, n'kufufuza kanthawi m'mafilimu amene anasungamo, n'kundipatsa. “Onerani apa, alamu. Izi zimabwera malemba akayamba.”

Malemba ake ati? Aja a kumapeto, mayina a anthu amene anapanga filimu. Ine chibadwire ndinali ndisanawaonepo pa filimu ya kwa a Bonifasi.

Mayina a osewera akuluakulu anadutsa ndi nyimbo. Kenako nyimbo inaduka. Chithunzi chinabwerera. Dziko la chisanu, kutali. Munthu wovala chijasi akulowa m'nyumba yapansi, anthu obisa nkhope aima mizere iwiri, onse akugwada. Munthuyo akuvula chipewa. Zelisoni. Akutambasula dzanja, lomwe lija la pa galasi, ndipo m'dzanjamo muli mtima wa chimakina chija, ukuwala. Ndiye kuti makinawo anali ake. Adaniwo anali antchito ake. Mwana anamulera kuti amuphunzire mphamvu zake. Akuyang'ana anthu ake n'kunena mawu awiri okha, oti mtsikanayo wakhulupirira. Mdima.

Kachigawo kameneka sikanakwane ndi mphindi ziwiri komwe, koma kanagubuduza filimu yonse ya maola awiri.

Alamu anandifotokozera bwinobwino, mwaulemu umene umapweteka kuposa chipongwe. Akuti mafilimu a ngwazi amenewa sapangidwa imodziimodzi ngati mmene ndinkaganizira. Kampani imakhala itayala kale mapulani a mafilimu angapo a zaka zakutsogolo, nkhani zake zolumikizana, ndipo osewera ena amasainirana nawo kuti adzaoneka kangapo. Ndiye filimu ikatha amasiya nkhani yake itatsekeka bwino, kuti woonera akhutire. Koma mkati mwa malemba amabisamo kachigawo kotsegula khomo la filimu yotsatira. Mwina amaonetsa mdani watsopano. Mwina ngwazi ina imene idzakhale ndi filimu yakeyake. Mwina chida chimene aliyense adzalimbirane. Mwinanso, ngati mmene zinandionekera ine, munthu amene mumati wafa. Akuti pa mafilimu amenewa ukapanda kuona mtembo, usapereke chipepeso.

Akuti kawirikawiri tizigawoti timakhala tiwiri. Koyamba kamabwera pakati, mayina akuluakulu akangodutsa, ndipo nthawi zambiri ndi kamene kamanyamula nkhani. Kachiwiri kamabwera kumapeto kwenikweni, mayina onse atatha, mpaka a ophika tiyi ndi oyendetsa galimoto, ndipo kambiri kamangokhala nthabwala yothokoza amene apirira. Anandionetsanso kameneko. Galu wa mtsikana uja akudya keke ya pamaliro. Sindinaseke.

Akuti ku holo ya kanema filimu yotere ikatha, anthu sadzuka. Magetsi ayake, osesa aime pakhomo ndi matsache, anthu ali phee kuyang'ana mayina a anthu osawadziwa. Amene wanyamuka msanga amamuyang'ana ngati munthu wotuluka m'tchalitchi atangolandira ukalistia, amene mawa amadzafunsa kuti bwanji simunandiuze kuti Misa ya sabata ya mawa yasintha nthawi.

Ndinafunsa funso limodzi. “Nanga bwanji simunandiuze tsiku lija?”

“Ndinakufunsani, alamu. Munati katatu. Ine mkazi wobwera ndingakane dzina lochokera kuchimuna? Ndinauza bambo akewa, iwo anati achemwali ndi aphunzitsi, akudziwa chimene akuchita. Ndiye ndinkangoti mwina mumakonda anthu olimba mtima.”

Dominiko nthawi yonseyi anali panja, akupopa njinga imene inali yopopa kale.

Lolemba nditaweruka ndinapita kwa a Bonifasi. Ndinawapeza akudya chimanga chootcha, miyendo ili pa tebulo, sipika ikulira ngati pali chinkhoswe. Ndinawapempha achepetse. Anachepetsa pang'ono, moti tinkakuwabe.

Ndinati, “A Bonifasi, filimu ija munandipatsa inali yosatha.”

Akuti, “Inatha amadamu. Munthu anafa, anamuika. Mumafuna muone sadaka?”

Ndinati, “Malemba a kumapeto munawapititsa kuti?”

Anandiyang'ana ngati ndafunsa kumene anapititsa makoko a chimanga. Akuti malemba amadula. Filimu iliyonse. Ali ndi pulogalamu yake pa kompyuta, amangoona pamene mayina ayambira, khwapu! Akuti malemba a mafilimu amenewa ndi aatali, ena amapitirira mphindi khumi, ndiye ukadula pa mafilimu onse, pa fulashi pamatsala malo olowa filimu ina yathunthu. Akuti imeneyo ndi basera. Akuti ndiwathokoze.

Basera! Mwamva anthuni? Munthu wakudulira mchira wa ng'ombe n'kukupatsa nthenga za nkhuku, ati thokoza.

Ndinawafunsa ngati akudziwa kuti mkati mwa malembawo mumakhala kachigawo kena. Akuti akudziwa. Akudziwa! Akuti iwo amaonera okha asanadule. Ndinafunsa chifukwa chimene sasiyira ife. Akuti makasitomala a kuno akaona malemba amazimitsa, ena amabwera kudzadandaula kuti mwatidyera malo ndi zolembalemba, ife si ana a sukulu. Akuti ndine woyamba m'mbiri ya shopu yawo kudandaula kuti sanandipatse mayina a azungu.

Ndinati, “Nanga osadula malembawo n'kusiya kachigawoko bwanji?”

Akuti imeneyo ndi ntchito iwiri.

Apa ndinawauza zonse. Za nkhuku yoyera, za akatekisiti, za wakabaza. Ndinkayembekezera kuti munthu agwira pakamwa, apepese. A Bonifasi anatsamwa ndi chimanga. Anatuluka panja kukaitana wometa tsitsi woyandikana nawo kuti adzamve yekha. Wometayo anabwera ndi kasitomala wake, mutu wometedwa theka, nsalu ili m'khosi. Onse atatu anandifunsa kuti mwanayo ali ndi ndevu kale kapena ayi.

Atatha kuseka, a Bonifasi anati ndisadandaule, andithirira gawo lachiwiri ulere. Akuti mwina ndikaona mmene munthuyo amamenyera nkhondo ndinyadira, chifukwa chigawenga chake si chamasewera. Ndinalandira, osati chifukwa ndinawakhululukira, koma ndinkafuna kudziwa kukula kwa mlandu. Ndinawauza mawu amodzi: “Musadule.” Anati, “Iyayi amadamu, ndamva.”

Ndinaonera. Mlatho uja anagwetsadi. Anaphanso mnzake wa mtsikanayo, mnyamata waulemu wovala magalasi. Kumapeto anamugwira, akupita naye kundende ya pansi pa nyanja, chitseko chikutsekeka. Ine ndikudikira malemba, ndasendeza mpando pafupi.

Thii! Filimu ya Amwenye.

A Bonifasi, kodi ndinakulakwirani chiyani? Mapichesi aja anali owola?

Ndinabwereranso kwa alamu, mutu uli pansi. Anakaima pa chulu chija n'kundipezera kachigawo ka gawo lachiwirilo. Zelisoni ali m'ndende. Kukubwera mayi wovala suti amene sitinamuonepo mu filimu zonse ziwiri. Akumuuza kuti kukubwera mdani woposa onse, ndipo akusonkhanitsa gulu la anthu oipa kuti akachite ntchito imene abwino sangaithe. Akumuponyera kiyi. Zelisoni akuyang'ana kiyiyo, osaitola. Mdima. Kenako mawu pa sikirini oti Zelisoni adzabweranso.

Ndinadumpha. “Ndiye kuti alapa! Alamu, alapa! Dzina lija lili bwino!”

Alamu anati mwina. Akuti kachigawo kotere ndi lonjezo chabe. Mayi wa sutiyo amuonetsa kuti anthu ayambe kulankhula za filimu ya gulu limenelo, ndipo n'kutheka kuti pamene ankajambula kachigawoka, nkhani ya filimuyo inali isanalembedwe n'komwe. Ikhoza kutuluka patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Akhoza kuisandutsa ya zigawozigawo ya pa TV. Ndipo akuti zimachitika ndithu kuti filimu ikapanda kupindula, kapena wosewera akasemphana ndi kampani, kapena mabwana akasintha mapulani, khomo limene analitsegula limangokhala choncho, palibe amene amadzalowapo. Munthu amatsala m'ndende ndi kiyi yake pansi mpaka kalekale.

“Ndiye tidikire,” ndinatero. “Tiuze bambo mfumu kuti ubatizo tiuimitse kaye.”

Dominiko, amene tsiku limeneli njinga inalephera kumubisa, anati, “Achemwali, mwana akhale wosabatizidwa mpaka azungu agwirizane?”

Nkhani inali itafika kale kwa a Kamwendo. Mwana wawo wamkazi anaonera gawo lachiwirilo. Lachisanu titakumana pa mjigo sanandikalipire. Anangondifunsa ngati uja ndinkati khalidwe lake ndi la Chikatolika ndi yemweyu wa mlatho.

Dzulo linali Lamulungu la ubatizo. Kunja kuli chifunga, m'tchalitchi modzaza. Ndinavala chitenje changa chabwino, n'kuima kumbuyo kwa makolo a mwana, pamalo pa azakhali. Palibe amene anandiuza chilichonse, ndipo ine sindinafunse. Mumtima ndinkati mwina asunga, poti dzina ndinapereka ndine, mwamwambo, anthu akuona. Bambo mfumu anafika pa ife n'kufunsa kuti mwanayu mukumutcha ndani.

Dominiko sanatembenuke. Anati, “Yosefe.”

Mlongo wanga amene ndinamuphunzitsa kumanga zingwe za nsapato. Sindikumuda, akanatani? Koma ndikuuzeni zoona, zinandiwawa. Mwayi wotcha mwana woyamba wa mlongo wako umabwera kamodzi. Wachiwiri dzina lidzachokera kuchikazi. Ndinayimba nawo nyimbo zonse, pakamwa pokha.

Ndipo musaganize kuti zathera pomwepo. Kunyumba pa chakudya, amalume aja anamunyamula mwana n'kumuitana, “Yosefe! Yosefe!” Mwana ali duu, kuyang'ana kudenga. Alamu anayesa. Dominiko anayesa, mpaka kuliza makiyi. Mwana osatekeseka. Ndiye wina pakhomo, sindinamuone bwino koma ndikumuganizira, anangoti pang'onopang'ono, “Zelisoni.”

Mwana anatembenuka. Anaseka, nkhama zonse pamtunda.

Nyumba yonse inayang'ana ine.

Ndiye a Bonifasi, mafunso anga ndi awa, ndipo muyankhe pompano pagulu, osati ku inibokosi. Anakupatsani ndani udindo woweruza pamene filimu yathera? Amene anaipanga anaika anthu mazanamazana, inu muli ndi kompyuta yofuna kuimenya kuti iyake, koma mwaona kuti mukudziwa bwino ndinu? Ndi mafilimu angati amene ndakhala ndikulira maliro a anthu amoyo? Alipo angati m'boma la Dedza lino amene akuyenda ndi mayina a zigawenga chifukwa cha basera wanu?

Inu nonse obenetsa mafilimu, pa Mayani kapena kwina kulikonse, musachoke pa shopu musanaone. Auzeni akutsegulireni filimuyo, aikokere kumapeto. Mukapanda kuona mayina akuyenda, bwezani. Ndipo mukaonera kunyumba musazimitse, ngakhale batire la sola likulira. Dikirani mpaka dzina lomaliza. Makamaka ngati kwanu kuli woyembekezera.

Koma inu a Bonifasi, ndalama zanga sindikuzifuna, ndi filimu ina yaulere musayerekeze. Mwanayu akula. Tsiku lina adzabwera kuchokera ku sukulu akulira, adzafunsa chifukwa chimene m'kaundula ndi Yosefe koma mudzi wonse ukamuona umati bisani milatho. Tsiku limenelo sindidzayankha ine. Ndidzamugwira dzanja, tidzakwera kabaza, ndidzamukhazika pa tebulo lanu lomwelo. Mudzamufotokozere nokha, ndipo mudzayambire pachiyambi mpaka pamapeto, osadula.